Kulembera Wamkulu: Ulemu wa Chichewa ndi Ulemu wa Chingerezi

Mwana wa mlongo wanga atamaliza maphunziro a uphunzitsi, kumene ankafunsira ntchito anamuuza kuti abweretse kalata yomuchitira umboni. Munthu woyenera kulemba kalatayo anali amene anali mphunzitsi wamkulu pasukulu yake ya sekondale, bambo amene anapuma pantchito kalekale, ali kumudzi, ndipo masiku ano ndi mkulu wa mpingo kumene makolo a mnyamatayu amapemphera. Mnyamatayu anafika kwanga madzulo ndi pepala lofufutafufuta la kalata yopempha umboniwo. Nkhani yake inali yaifupi, yoti mizere inayi ikanakwana, koma chimene chinamuimitsa ola lathunthu chinali mzere woyamba. Awatchule kuti ndani? Ndipo alembe m'chiyankhulo chiti?

Tiyerekeze kuti mfunda wa bambowa ndi Mbewe, kuti nkhani iyende bwino. Mnyamatayu anali atayesa njira ziwiri. Poyamba analemba m'Chingerezi zimene mutu wake unkaganiza m'Chichewa, nayamba ndi "Dear Father", kenako mizere itatu yofunsa za moyo wa kunyumba ndi za mvula. Ataona kuti zikumveka zachilendo, anatembenuza pepala n'kulemba m'Chichewa zimene anaphunzira m'kalasi ya Chingerezi: "Wokondedwa Bambo Mbewe, ndikufuna kalata yondichitira umboni. Chonde nditumizireni pofika Lachisanu." Makalata onse awiri analibe cholakwa cha galamala choti mphunzitsi n'kuchonga ndi cholembera chofiira. Komabe onse awiri akanafika kwa mwini wake ali opunduka. Akulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo iye anavumbwadi pakati pa ziyankhulo ziwiri.

Vuto lake n'lakuti ziyankhulo ziwirizi zimasunga ulemu m'malo osiyana. Amene sadziwa kumene chiyankhulo chilichonse chimausunga amakaufuna pamene palibe, n'kuusiya pamene uli.

M'Chichewa ulemu uli m'mafupa enieni a chiganizo. Simungalembe ngakhale mzere umodzi kwa munthu musanasankhe pakati pa iwe ndi inu, chifukwa mneni aliyense amakuululani. "Uli bwanji" ndi "muli bwanji" asiyana ndi lemba limodzi lokha, koma lembalo ndi limene limanena ngati mukuyankhula ndi mwana kapena ndi kholo. Kusankhako sikuthera pa moni. Kumayenda ndi kalata yonse: "ndikukupempha" amasanduka "ndikukupemphani", "mwana wako" amasanduka "mwana wanu", "ndithandize" amasanduka "ndithandizeni". Ngakhale munthu amene mukungomutchula, amene kalatayo sadzaiona n'komwe, amalandira gawo lake. Sitilemba kuti "bambo wanga wadwala, ndipo mwendo wake watupa", koma "bambo anga adwala, ndipo mwendo wawo watupa". Munthu mmodzi timamuchulukitsa, ndipo kuchulukitsako ndiye kumugwadira kwathu papepala.

Apa ndi pamene ambiri amaterereka, makamaka achinyamata ozolowera kulemberana palamya ndi anzawo. Kalata imayamba bwino ndi "muli bwanji", koma pofika pandime yachitatu dzanja latopa, ka "ni" kakumapeto kagwa, ndipo mwadzidzidzi gogo wa zaka 80 akuwerenga kuti "ndidzakuuza ndikabwera". Njira yodziwira ndi yapafupi. Mukamaliza kulemba, yang'anani mneni aliyense amene ali ndi "ku" woimira munthu amene mukumulemberayo, muone ngati akuthera ndi "ni". Kenako fufuzani "ako", "wako", "chako" ndi "kwako". Limodzi lokha likatsala, wowerenga adzaiwala zabwino zonse zimene mwalemba n'kukumbukira lomwelo.

Kuchulukitsaku kuli ndi mtengo wake, ndipo ndi bwino kuvomereza. Mukalemba kuti "aphunzitsi abwera", palibe angadziwe ngati wabwera mmodzi wolemekezeka kapena abwera khumi. Pa mawu ena chiyankhulo chinadzipezera njira: amayi ndi mmodzi, azimayi ndi ambiri, chimodzimodzi abusa ndi azibusa, agogo ndi azigogo. Koma pa "inu" palibe chotere. Ngati mukuitana apongozi aamuna okha ku msonkhano wa banja, n'kulemba kuti "tikukupemphani mubwere Loweruka", musadabwe ikafika minibasi yodzaza. Wolemba wosamala amawonjezera "inuyo panokha" kapena "nonse a pakhomo" kuti nkhani isasokonekere.

Chingerezi chilibe zonsezi. Mawu oti "you" amagwira kwa khanda, kwa mfumu ndi kwa galu. Chochititsa chidwi n'chakuti kale Angerezi anali ndi mawu awiri ngati ife. "Thou" anali iwe, "you" anali inu, ndipo wamkulu ankamupatsa "you" monga momwe ife tichitira. M'zaka za m'ma 1600 anthu anayamba kuopa kunena "thou" kwa wina aliyense poopa kumunyoza, moti a mpingo wa Akweka, amene ankaumirira kunena "thou" ngakhale kwa akuluakulu a boma, ankaonedwa ngati amwano. Pang'ono ndi pang'ono iwe wa Chingerezi anafa, n'kutsala m'Baibulo lakale la mu 1611 ndi m'mapemphero. Tsono Mngerezi wa lero amanena "inu" kwa aliyense, ndipo chifukwa aliyense amalandira, mawuwo sanyamulanso ulemu uliwonse.

Zimenezi zimasowetsa mtendere munthu woleredwa m'Chichewa. Akalemba "you" kwa mkulu amamva ngati wamunena kuti iwe, ndiye amayamba kufunafuna chowonjezera. Ena amachulukitsa munthu m'Chingerezi momwemo, kulemba za bwana mmodzi kuti "they have gone out", zimene wowerenga wa kunja amamva kuti atuluka anthu angapo. Ena amaunjika mawu odzichepetsa amene anatsala m'maofesi kuchokera nthawi ya atsamunda, monga "I humbly beg" ndi "your obedient servant". M'masiku a Nyasaland mawu amenewo ankayembekezeka kwa kalaliki wolembera bwanamkubwa. Lero amene akuwerenga kalata yofunsira ntchito akawaona amaganiza kuti wolembayo sadzidalira kapena wakopera m'buku lakale.

Nanga ulemu wa Chingerezi uli pati? Uli pamalo awiri. Oyamba ndi pakhomo pa kalata ndi potulukira pake, ndiko kuti dzina laulemu lolondola pamzere woyamba ndi mawu otsanzikira ogwirizana nalo. Achiwiri ndi kapemphedwe, kumene ndidzafikako.

Lamulo la pakhomo ndi louma koma losavuta. Ngati dzina la munthuyo mukulidziwa, mumalemba "Dear Mr Mbewe" n'kutsiriza ndi "Yours sincerely". Ngati simukulidziwa, mumalemba "Dear Sir" kapena "Dear Madam" n'kutsiriza ndi "Yours faithfully". Umu ndi momwe amachitira a ku Britain, ndipo ndi zimene sukulu ndi maofesi athu anatengera. "Mr" amayenda ndi dzina la makolo, osati dzina loyamba lokha. "Sir" amaima payekha. Akaphatikizidwa ndi dzina amakhala ulemu wapadera woperekedwa ndi mfumu ya ku Britain, ndipo pamenepo amayenda ndi dzina loyamba. Bwanamkubwa womaliza wa Nyasaland, Glyn Jones, ankatchedwa Sir Glyn, osati Sir Jones. Choncho wophunzira akalemba "Dear Sir Mbewe" poganiza kuti wawonjezera ulemu, kwenikweni walakwitsa kawiri m'mawu awiri. Kwa mayi amene simukudziwa ngati ali pabanja, "Ms" ndiye sapalamula. Ndipo ngati munthuyo ndi dokotala wa maphunziro kapena pulofesa, "Dr" kapena "Professor" amalowa m'malo mwa "Mr" kapena "Mrs", sakhala pamodzi.

Onani tsopano chimene chikuchitika apa. Chingerezi chimalemekeza munthu pomutchula dzina lake molondola. Chichewa chimalemekeza munthu polizemba dzinalo. Uku ndiye kusiyana kwakukulu koposa, ndipo n'kumene kunagwetsa mnyamata uja.

Kwathu dzina lenileni la munthu wamkulu silitchulidwa wamba. Ambiri a ife tinakula mpaka kuyamba sukulu tisakudziwa dzina loyamba la amayi athu. M'madera amene anyamata ndi atsikana amavinidwa, kuitana munthu ndi dzina la paubwana atalandira kale dzina latsopano ndi chipongwe choti n'kufika nacho pabwalo. Tili ndi njira zambiri zolizungulira dzina. Timatchula mfunda: a Phiri, a Banda, a Mwale, a Nkhoma, ndipo kwa amayi a Naphiri, a Nabanda, a Nambewe, a Nankhoma. Timatchula mwana: bambo ake a uje, amake a uje. Timatchula udindo: abusa, aphunzitsi, amfumu, asing'anga. Koposa zonse timatchula ubale, ndipo ubalewo suyenera kukhala wa magazi. Mwamuna aliyense wa msinkhu wa bambo ako ndi bambo, mkazi aliyense wa msinkhu wa mayi ako ndi mayi, wa imvi ndi agogo. Mukalemba "Bambo" pamwamba pa kalata simukunena kuti anakuberekani. Mukudziika pamalo a mwana, ndipo mukuwakumbutsa mwaulemu kuti mwana akapempha, kholo silitembenuka.

Chingerezi sichidziwa kubwereka ubale motere. "Dear Father" amapita kwa bambo wokubereka kapena kwa wansembe, basi. Mphunzitsi wopuma uja akanalandira kalata yotero akanamvetsa chimene mwanayo amatanthauza, poti naye ndi Mmalawi, koma akanamwetulira ndi chisoni cha mphunzitsi amene ntchito yake sinapse. Ndipo ngakhale pa ubale weniweni Chingerezi chimaphwanya zimene ife timasiyanitsa. "Uncle" ndi amalume, ndi bambo aakulu, ndi bambo aang'ono, ndi amuna a azakhali, onse m'thumba limodzi. Kwa Achewa, Amang'anja ndi ena otsata kuchikazi, amalume ndiwo eni mbumba, amene amakhala nkhoswe paukwati ndi kuweruza za munda. Kuwalembera kuti "ankolo" pankhani ya malo kapena ya banja ndi kuwavula udindo pamzere woyamba. Mawu oti ankolo ndi anti ali ndi malo ake m'tauni, kwa mnzawo wa bambo kapena kwa mayi woyandikana naye nyumba, koma kalata yopita kwa mwini mbumba iyambe ndi "Amalume".

Pali mawu amodzi amene ndimakangana nawo kawirikawiri: "Wokondedwa". Analowa m'makalata athu ngati chovala cha "Dear", ndipo m'makalata a ubale amakwana bwino. Koma "Dear" wa Chingerezi anauma kalekale, sanena za chikondi. Munthu amalemba "Dear Sir" ngakhale kwa amene akufuna kumusumira kukhoti. "Wokondedwa" wathu akadali ndi magazi. Mtsikana akalembera bwana wake wamwamuna kuti "Wokondedwa Bambo", kalatayo n'kugwera m'manja mwa mayi a kunyumba, pangafunike kufotokoza. Pa kalata ya ntchito ine ndimakonda "Bambo," kapena "Mayi," kapena "Bwana," pawokha, opanda chokometsera. Ndipo ngati mwasankha kuwagwiritsa ntchito kwa wamkulu amene mumamukondadi, kumbukirani kuti nawonso amachulukitsidwa. "Wokondedwa" ndi wa mmodzi, woyenera mng'ono wako kapena bwenzi lako. Kwa amayi, agogo kapena abusa ndi "Okondedwa". Pakamwa kusiyanako sikumveka kwenikweni, n'chifukwa chake ambiri sakuona, koma papepala "Wokondedwa amayi" ali ngati munthu wovala jekete ndi kabudula. Chimodzimodzi "Olemekezeka" polembera phungu kapena nduna.

Tifike pa kapemphedwe, pamene ziyankhulo ziwirizi zimayandikana mosayembekezereka. Mnyamata uja analemba kuti "ndikufuna kalata" ndi "chonde nditumizireni". Iye ankaganiza kuti "chonde" ndi "please", ndipo kuti akamuika patsogolo pa lamulo, lamulolo lasanduka pempho. Sizili choncho. "Chonde" ndi mawu a munthu amene wapanikizika, wochonderera, kapena amene wanena kangapo osamveka. Saikidwa pa pempho lililonse ngati mchere. Mchewa akafuna kupempha mwaulemu amabweza mneni m'mbuyo, ngati kuti kufunako kunachitika kale ndipo sakuumiriranso: "ndimafuna", "ndimati ndipemphe", "ndinati ndikudziwitseni". Amawonjezera ka "ko" kochepetsa chinthu: "mundithandizeko", "mundilembereko". Amatsegula khomo loti wamkuluyo athe kukana osachita manyazi: "ngati n'kotheka", "mukapeza mpata", "mwina". Yerekezani "nditumizireni kalata" ndi "ndimati mwina mungandilembereko kalata mukapeza mpata". Onse awiri ali ndi inu, koma woyamba ndi kapitawo, wachiwiri ndi mwana.

Chingerezi chimachita zofanana ndendende, ndipo apa ndi pamene ulemu wake weniweni wabisala. Nachonso chimabweza mneni m'mbuyo. "I want" ndi mwano, "I would be grateful if you could" ndi ulemu, ndipo "I was wondering whether" ndi m'bale wake weniweni wa "ndimati mwina". Amene amadandaula kuti Chingerezi chilibe ulemu nthawi zambiri amakhala akuyang'ana pa "you", osaona kuti Mngerezi amagwada ndi "would" ndi "could". Komanso "please" kapena "kindly" woikidwa patsogolo pa lamulo, monga "kindly send it by Friday", kwa mwini chiyankhulo amamveka ngati bwana akukumbutsa wantchito waulesi. Achinyamata athu ambiri amatumiza mawu amenewa kwa akuluakulu akuganiza kuti agwada mpaka pansi.

Kusiyana kwina kuli pa nthawi yofikira pankhani. Munthu safika pakhomo pa wamkulu n'kuyamba kunena chimene wadzera ali chiimire. Amaodira, amapatsidwa mpando, amalonjeredwa, amafotokoza za kumene wachokera, ndipo pokhapo amati "kubwera kwangaku". Kalata ya Chichewa yopita kwa wamkulu amene mumadziwana naye imatsata mwambo womwewo: moni, kufunsa za moyo wawo ndi wa a pakhomo, kunena za moyo wanu mwachidule, kenako nkhani. Kudumpha zimenezi ndi kulowa m'nyumba osaodira. Koma kalata ya ntchito ya Chingerezi imaona nthawi ya wowerenga ngati chinthu choyenera kulemekezedwa koposa thanzi lake. Mutu wa nkhani uli pamwamba, chiganizo choyamba chimanena chimene mwalembera, ndipo kufunsa za ana ndi za mvula kumaoneka ngati kuzungulira kapena kuzolowerana kosayenera. Chimene chili ulemu kuno ndi chotayitsa nthawi uko.

Tsono tinachita bwanji ndi mnyamata uja? Ndinamufunsa funso limodzi: kodi kalatayi ikupita kwa ndani, kwa munthu kapena kwa mpando? Anaganiza pang'ono n'kunena kuti kwa onse awiri. Ndinati ndiye alembe awiri. Yoyamba, ya Chichewa, yolemba pamanja, inali yopempha. Inayamba motere:

"Bambo, ndikupereka moni kwa inu ndi kwa amayi. Ndikhulupirira kuti Mulungu akukusungani bwino pamodzi ndi onse a pakhomo. Kuno tili bwino. Ndine mwana wanu uja munandiphunzitsa masamu mu Fomu 4, mwana wa a Nabanda a kutsidya kwa dambo. Ndimati ndikudziwitseni kuti maphunziro aja munandilimbikitsa ndamaliza. Tsopano kumene ndikufunsira ntchito akufuna kalata ya munthu wondidziwa bwino, ndiye ndinaganiza za inu. Ngati n'kotheka, ndimapempha kuti mundilembereko mukapeza mpata. Iwo anati makalata onse akhale atafika pofika pa 30 mwezi uno."

Dzina la bambowo silikupezeka paliponse m'kati mwa kalatayi. Lili pa envulopu pokha. Mnyamatayo akudzidziwikitsa kudzera mwa amayi ake, ndipo amayi akewo akuwatchula ndi mfunda. Tsiku lomaliza lilipo, chifukwa popanda ilo kalatayo ilibe ntchito, koma laikidwa m'kamwa mwa eni ntchito, "iwo anati", kuti lisamveke ngati mwana akupatsa kholo malire. Pomaliza analemba kuti "Ndatha ine mwana wanu," n'kuika dzina lake loyamba ndi la makolo, lopanda "a" kapena "Bambo" patsogolo. Munthu sadzichulukitsa yekha. Amene amasaina kuti "Ine a Banda" amaseketsa ngati wodziombera m'manja, ndipo m'Chingerezi namonso munthu sadzilemba "Mr" posaina.

Yachiwiri, ya Chingerezi, yotayipa, inali yoti bambowo aiike m'faelo kapena aitumize limodzi ndi umboni wawo ngati eni ntchito angafune kuona. Inayamba ndi "Dear Mr Mbewe", mutu wa nkhani pansi pake, chiganizo choyamba chonena ntchito imene akufunsira, pempho la "I would be grateful if you could", tsiku lomaliza, ndi "Yours sincerely". Mizere isanu ndi umodzi, yopanda mvula, yopanda amayi a kutsidya kwa dambo. Akanatumiza yachiwiriyi yokha, bambowo akanalembabe umboniwo, koma Lamulungu lotsatira akanauza mlongo wanga kuti mwana wanu sukulu yamulowa m'mutu.

Sikuti nthawi zonse pamafunika makalata awiri. Funso la munthu kapena mpando ndi limene limasankha. Kwa mlembi wamkulu wa unduna, kwa bwanamkubwa wa boma, kwa mkulu wa kampani, mukulembera mpando, ndipo m'Malawi mpando umawerenga Chingerezi. Ngakhale Chichewa chinakwezedwa kukhala chiyankhulo cha fuko mu 1968, mafaelo a boma, makhoti ndi nyumba ya malamulo zinakhalabe m'Chingerezi. M'makalata a m'boma muli ulemu wina umene suli m'mawu koma m'njira: wantchito wamng'ono salembera mkulu wa ku likulu mwachindunji, kalata yake imadzera kwa bwana wake wapafupi, ndipo pamwamba pamalembedwa "Through". Mwambo umenewu Mchewa saudabwa, poti kwa mfumu nakonso munthu amadzera kwa nduna kapena kwa nyakwawa.

Mafumu ndi atsogoleri a zipembedzo ali ndi mayina awo amene sayenera kusinthanitsidwa. Kwa nyakwawa kapena gulupu, "Amfumu" amakwana. Mfumu yaikulu ambiri amaitchula kuti Gogo Chalo, ndipo pakati pa Angoni ndi Inkosi, pamene Gomani ndi M'mbelwa ndi Inkosi ya Makosi. Mfumu ya Achewa onse a m'Malawi, Zambia ndi Mozambique, imene likulu lake lili ku Mkaika m'boma la Katete, ndi Kalonga Gawa Undi. Mfumu imalemberedwa ndi dzina la ufumu, osati dzina limene inali nalo isanalowe ufumuwo, ngakhale munaphunzira nayo kalasi imodzi. Kutchalitchi, m'busa wa mpingo wa CCAP ndi Abusa, wansembe wa Katolika ndi Bambo Mfumu, episkopi ndi Ambuye, ndipo kumzikiti kuli a Shehe. Kulembera wansembe kuti "Abusa" si tchimo, koma kumaonetsa kuti simunafunse. Chimodzimodzi kwa Myao wachikulire, amene "Che" patsogolo pa dzina amamufika pamtima kuposa "a" wathu.

Pali chiyeso chimene Amalawi tili nacho, chounjika mayina aulemu. Amene anakula Kamuzu Banda atakhala mtsogoleri wamuyaya mu 1971 amakumbukira mndandanda wa mayina umene unkayenera kutchulidwa wonse, Ngwazi ndi zina zonse, munthu asanafike pa dzina lenileni. Chizolowezicho sichinathe. Pa envulopu kapena pa pologalamu ya mwambo, kulemba maudindo onse a munthu kulibe vuto, ndipo ena amakhumudwadi mukasiya limodzi. Koma pamzere wa moni sankhani limodzi, lalikulu kapena logwirizana ndi nkhani yanu. Munthu amene ndi m'busa komanso dokotala wa maphunziro, mukamulembera za ubatizo wa mwana ndi Abusa. Mukamulembera za mayeso a ku yunivesite ndi "Dear Dr" ndi dzina la makolo.

Abale athu amene ali ku Britain ndi ku South Africa amakumana ndi vuto lotembenuka. Kumeneko bwana wa zaka 60 amasaina uthenga ndi dzina lake loyamba, ndipo amayembekezera kuti mumuyankhe ndi lomwelo. Kwa mwana woleredwa kuno, dzanja limakana. Koma kuumirira "Sir" kapena "Madam" munthu atakupatsani kale dzina lake kumamveka ngati mukumukankhira kutali, mwinanso ngati mwakwiya. Njira yabwino ndi kuyamba ndi dzina laulemu ndi la makolo pa uthenga woyamba, n'kuona momwe wasainira poyankha, kenako kutsatira iyeyo. Wamkulu ndiye amatsitsa mpanda, wamng'ono sadumpha. Choopsa chimabwera madzulo, munthu yemweyo akatenga lamya kulembera apongozi ku Dedza dzanja lidakali ndi chizolowezi cha masana, n'kuyamba ndi "Hi".

Za palamya ndinene mwachidule. Uthenga wa pa WhatsApp wopita kwa wamkulu ndi kalata ndithu, kungoti yafupika. Moni wathunthu ukhalepo, "Mwadzuka bwanji amalume", osati zilembo zitatu zodula. Dzidziwikitseni ngati nambala yanu sakuidziwa. "Madala", "abwana" ndi "akuluakulu" ndi mawu okoma pakamwa pakati pa anthu ozolowerana, koma polemba amataya kumwetulira kumene kumawaperekeza, ndipo "madala" akhoza kumveka ngati mukunena za ukalamba wawo. Ngati mwasakaniza ziyankhulo, monga timachitira tonse, moni ndi pempho zikhale m'Chichewa. Chingerezi chinyamule masiku, ndalama ndi mayina a mapepala.

Kalata ya umboni ija inafika pasanathe sabata, yotayipa bwino m'Chingerezi, yoyamba ndi "To whom it may concern". Mu envulopu momwemo munali kapepala kena kong'ambidwa m'kope, kolembedwa pamanja. Kanayamba ndi "Mwana wanga," ndipo kuyambira pamenepo mpaka pansi bambowo anamutchula mnyamatayo kuti inu.